Uthenga wa ankhoswe umene unafika theka

Kwathu kuno kufupi ndi Chipoka netiweki sikhala m'nyumba. Amene akufuna kutumiza uthenga amapita kunjanji, n'kukweza foni m'mwamba, kudikira kuti kamzere kamodzi ka netiweki kaoneke. Ine ndinazolowera kulemberatu uthenga wonse ndili pakhonde, ndi magalasi m'maso, kenako n'kupita nawo kumeneko. Anthu ambiri amalembera pomwepo ataimirira, mtima uli m'mwamba poopa kuti kamzereko kathawa.

Chaka china, m'dzinja, mwana wamkazi wa malemu mng'ono wanga anabwerera kwathu kuchokera ku Chitala kumene anakwatiwa. Anali atayambana ndi mwamuna wake pa nkhani ya chimanga chimene mwamunayo anagulitsa osamuuza. Banjalo ankalifunabe, ndipo m'mawa uliwonse ankandifunsa ngati kwabwera mawu. Nkhoswe yake ndi mlongo wanga, msodzi wopuma, munthu wabwino koma wosachedwa kupsa mtima. Popeza foni yake ndi yamabatani ndipo maso ake anafooka, mauthenga a ankhoswe akuchimuna ankafikira pa foni yanga.

Tsiku lina masana ndili kunjanji uthenga unalowa. Unayamba ndi malonje aatali monga mwa chikhalidwe chawo, kenako unati: "Takhala pansi abale onse kuno, ndipo tagwirizana kuti mwana wanuyo asabwerere kuno". Unathera pomwepo.

Ndinayesa kuimba, koma foni yawo sinkapezeka. Sikunali koyenera kuwabisira ankhoswe mawu a ankhoswe anzawo, choncho ndinapita kukawawerengera alongo anga, amene ankasoka ukonde wa mwana wawo pansi pa mtengo wa mango. Anamvetsera, n'kuika singano pansi. Anati nkhani yatha, ndilembe kuti katundu wa mwana wathu wamkaziyo atumizidwe pa njinga, ndipo kuchimunako asadzapondenso pakhomo pathu.

"Achimwene, ndilemba," ndinatero, "koma mundilole ndilembe mawa."

Anandifunsa ngati sukulu yanga ija inandiphunzitsa kuwerenga zimene munthu sanalembe. Ndinayankha kuti mauthenga a ankhoswe akuchimunawo ndawawerenga kwa zaka zambiri, ndipo sanatsekepo uthenga osapereka moni kwa iwo, kwa ine ndi kwa ana. Munthu wothetsa banja la eni sangasiye ulemu umenewo pa tsiku limene ukufunika koposa. Ndinawaonetsanso foniyo: malembo ndi aang'ono kuposa nsonga ya chala, ndipo kamuvi kotumizira kali pafupi kwambiri ndi pofufutira. Chala chikaphonya pang'ono, uthenga wapita. Iwo anati zala za anthu a ku Chitala si vuto lawo, komabe anatolanso singano yawo.

Chovuta chinali mwanayo. Anandiona ndikuchokera kwa amalume ake, ndipo anafunsa. Ndinamuuza kuti mawu ayamba kufika koma sanathe. Sanafunsenso, koma chakudya chamadzulo sanachikhudze.

M'mawa mwake ndinapita kunjanji, sikunabwere kanthu. Alongo anga anatuma mawu kuti mawa lija lakwana. Ndinalembadi zimene ananena, ndili pakhonde, koma kunjanji sindinafulumire kubwererako. Nditapitako dzuwa litapendeka, ndisanakhudze kamuvi kaja, foni inalira, uthenga wina wa ankhoswe aja unalowa. "Yekha ngati wolakwa. Wolakwa ndi mwana wathu. Tibwera tokha Loweruka kudzapepesa ndi kudzamutenga." Pansi pake panali moni kwa aliyense.

Loweruka anabweradi, mkamwiniyo ali pambuyo, maso pansi. Nkhani itakambidwa, ankhoswe akuchimuna anafotokoza mwamanyazi. Kwawo netiweki imapezeka pachulu cha m'munda mwawo. Ataona kamzere anafulumira, analakwitsa chilembo, ndipo pofuna kufufuta anakhudza kamuvi. Pa uthengawo panaoneka kawotchi kosonyeza kuti sunapite, choncho sanade nkhawa. Anaganiza kuti zigawo ziwirizo zidzapitira limodzi. Akulemba chachiwiri, choyamba chinadutsa, kamzere n'kuzimirira. Anadikira mpaka batire inatha, ndipo kotchajitsa n'kumsika, kumene anakafika tsiku lotsatira.

"Mukanamaliza kaye kulemba musanakwere chulu," anatero alongo anga.

"Zoona, bambo," anayankha ankhoswe akuchimuna. "Koma mawu opepesa amavuta kulemba uli pakati pa abale, aliyense akuwonjezera ake."

Alongo anga anaseka pang'ono, n'kuitana mwanayo kuti adzakhale pamphasa amve yekha zimene mwamuna wake anabwera kudzanena. Lolemba mwanayo anakwera minibasi ndi mwamuna wake kubwerera ku Chitala.