Zilembo za pa boti

Ndakalamba ndikulemba maina pa maboti ku Senga Bay. Choncho mphunzitsi wa sukulu ya mkaka komwe amapita mdzukulu wanga atandipempha pepala loti ana azilondola zilembo ndi pensulo, ndinajambula zilembo zonenepa, za mizere iwiri. Ana anangodetsa mkati mwake ngati akupaka penti.

"Agogo, awa si maboti," anatero mtsikanayo pamaso pa makolo. "Ikani timadontho. Muyambe ndi mizere yowongoka ndi yozungulira, kamuvi kaziwasonyeza poyambira. Apo ayi, mdzukulu wanuyu salemba dzina lake chaka chino."

"Mwabadwa liti inu?" ndinamufunsa.

Kunyumba ndinaika timadonthoto, mtima ukuwawa. Mwanayo anatilondola mpaka dzanja linakhazikika, ndipo dzina lake akulemba. Mphunzitsiyo sindimupatsa moni mpaka lero.