Chala Chachikulu cha a Mataipi

M'dera lonselo palibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Ana, akuluakulu, ngakhale akazi awo akapsa mtima, onse ankangoti a Mataipi. Anagwira ntchito yotaipa makalata mu ofesi ina kuyambira tsitsi lili bii mpaka imvi zitati mbuu. Tsiku limene anapuma pantchito mabwana anawapatsa makina omwewo ngati mphatso, poti anzawo onse anali atasamukira kale kumakompyuta. Makinawo ankakhala pa katebulo ka pakhonde, atafunditsidwa nsalu ngati mwana wodwala chimfine.

Mlendo akabwera, a Mataipi ankavundukula nsaluyo n'kumuonetsa kabatani kakatali ka m'munsi, kosiyira mpata pakati pa mawu. Kanali katakumbika mbali imodzi, ndipo anakakumba ndi chala chawo chachikulu. Mayi amene anawaphunzitsa kutaipa anali waukali, ndipo lamulo lake linali lakuti mawu ali ngati anthu m'basi: aliyense, ngakhale wochepa bwanji, akhale pa mpando wake. Choncho "ku" padera, "nyumba" padera, "pa" padera, "khomo" padera. Chalacho chinamva lamuloli kuposa mwini wake. Munthu akamalankhula nawo, chinkagogoda pabondo pakati pa mawu alionse. Akazi awo ankati ngakhale kutulo chimataipabe pa phewa lawo.

Anali ndi mdzukulu wamkazi wotchedwa Kafunso, chifukwa sankatha kumeza chakudya asanafunse kuti chachokera kuti. Mayi ake, mwana wa a Mataipi, anali namwino ndipo ankaweruka madzulo. Motero Kafunso akachokera kusukulu ankadya, n'kutenga kope lake kupita nalo pakhonde. Ankayamba walemba ntchito yake papepala, agogo ake n'kuiyendera, kenako iye n'kukopera bwinobwino m'kope. A Mataipi sankanena, koma tsiku lawo lonse linkadikira nthawi imeneyi. Ankameta ndevu chifukwa cha iyo, pensulo ankasongola ndi lezala dzuwa lisanafike pamutu.

Zinthu zinayenda bwino mpaka Kafunso atafika kalasi yolemba zimangirizo. Akalemba kuti "kumsika," agogo ake ankadula kamzere kopendekeka pakati pa "ku" ndi "msika," mwana n'kukopera mosiyanitsa. Mawa lake kope linkabwerako lili ndi kauta kofiira, kolumikiza zomwe agogo analekanitsa. Aphunzitsi ankamanga, agogo n'kumasula. A Mataipi ankati aphunzitsi a masiku ano amaumira mapepala, n'chifukwa chake amapanikiza mawu ngati katundu m'thumba. Kafunso ankaseka, koma kusekako kunkachepa sabata ndi sabata.

Tsiku lina aphunzitsi analonjeza kuti zimangirizo zabwino azipachika pakhoma. Kafunso analemba za ulendo wopita kuchipatala kukaona mayi ake ali pantchito, ndipo analemba ndi mtima wonse. Agogo anachiyendera, nadula timizere tawo. Chimangirizocho sichinapachikidwe. Chinabwerako chili ndi tiuta tofiira tambirimbiri, moti mnzake wokhala naye desiki anati chadwala chikuku. Dzina la Chikuku linamukakamira mwanayo mpaka belu loweruka.

Madzulo amenewo Kafunso sanapite pakhonde. Anakalembera kukhitchini, kope lili pamwamba pa ndowa yovundikira. Mawa lakenso chimodzimodzi. A Mataipi anakhala ndi pensulo yosongoka ndi ndevu zometa, osadziwa chochita nazo. Anatsokomola mokweza, anakoka mpando kuti ulire, anataipa dzina lawo kangapo kuti belu la makina limveke kukhitchini. Mwana sanatulukebe. Atafunsa akazi awo kuti mwanayo watani, agogo aakaziwo anapitiriza kusenda anyezi.

"Mwanayu amakukondani, bambo," anatero. "Koma chala chanucho chamulakwitsa kokwana. Musankhe, chala kapena mdzukulu."

A Mataipi anati sasankha kanthu, apita okha akaphunzitse mphunzitsiyo. M'mawa anavala jekete la kuntchito lija, natenga mapepala akale amene anataipa ndi manja awo kuti akhale mboni. Anafika ana ali pabuleki. Aphunzitsi anali mayi wachitsikana, wa msinkhu wa mwana wawo womaliza, choko chili mbuu m'manja. Anawalandira mwaulemu, n'kupepesa kuti mpando waukulu wapita kumsonkhano. A Mataipi anakhala pa kadesiki ka ana, mawondo atatsala pang'ono kugunda chibwano. Munthu sungakalipe bwino utakhala chonchi, komabe anayesa. Anayala mapepala awo, nanena zaka zomwe anataipa popanda bwana wowabwezera kalata.

Aphunzitsi anawerenga mapepalawo mofatsa ndipo anayamikira kuti mizere inali yowongoka, popanda chofufuta. Anavomera kuti anthu ambiri analemba motero, ndipo mpaka lero zikwangwani ndi nyuzipepala sizigwirizana pa nkhaniyi. Koma anati sukulu imatsata malamulo a kalembedwe, ndipo ochonga mayeso adzayang'ana malamulo omwewo, osati zaka za agogo a mwana. Kenako anapita pabolodi n'kulemba mizere itatu: "Ndikupita kunyumba." "Kunyumba kwathu kuli alendo." "Ndikupita ku nyumba yathu yatsopano."

Anafotokoza kuti "ku," "pa" ndi "mu" akamasonyeza malo amaphatikana ndi dzina wamba, monga mu mzere woyamba. Dzinalo likakhala ndi mawu olifotokoza, munthu amvetsere kuti mawuwo akutsata ndani. "Kwathu" akutsata "ku," ndiye kuti "ku" ndi "nyumba" asanduka chinthu chimodzi. "Yathu" akutsata "nyumba," ndiye "ku" aime payekha. Likakhala dzina la mzinda kapena la dziko, loyamba ndi chilembo chachikulu, "ku" amaima patali mwaulemu.

A Mataipi anayang'ana mzere wachitatu nthawi yaitali, nkhope ikuwala pang'onopang'ono. Anafunsa ngati zikutanthauza kuti chala chawo sichinalakwe konsekonse.

"Sichinalakwe konsekonse, agogo," anatero aphunzitsi. "Changokhala chakhama mopitirira. Chiuzeni chiziyamba chamvetsera chisanagunde."

Pamenepo belu linalira, ana n'kukhamukira m'kalasi. Kafunso anaima pakhomo, maso ali tong'o, kuona agogo ake atapindika pa desiki yake yeniyeniyo. A Mataipi anayesa kudzuka msanga, koma desiki inadzuka nawo limodzi. Aphunzitsi anachita kugwira desikiyo kuti nkhalamba ituluke. Ana anaseka mpaka ena kugwira m'mimba, ndipo kuyambira tsiku limenelo za chikuku zinaiwalika, poti panali patapezeka nkhani yokoma kuposa iyo.

Kumva lamulo kunali kosavuta. Vuto linali chala. A Mataipi akakhala pamakina kuti ayeserere, mutu unkati "kumsika" koma chala chinali chitagunda kale. Anachikalipira ngati mwana wosamva. Anayesa kuchipinda m'manja, chinatuluka. Pomaliza anapempha akazi awo kuti achimange ndi kansalu, ndipo agogo aakazi anamanga mosangalala kwambiri, n'kunena kuti akhala akulakalaka ntchito imeneyi kuyambira tsiku la ukwati. Chala chitamangidwa, zinthu zinapitirira mbali inayo. Mawu onse anagwirana, "ndi" kukakamira mnzake, dzina la mzinda kumezedwa ndi "ku," mzere wonse kukhala ngati bongololo.

Mapepala olakwikawo ankawasiya pakatebulo. Kaya ankaiwala kuwataya, kaya ankawasiyira dala, palibe akudziwa. Masana ena Kafunso akudutsa ndi kapu ya madzi anaima, nawerenga limodzi. Anafunsa kuti bongololoyu walemba ndani. Agogo ake anakweza chala chomangidwa chija n'kunena kuti mwini wake ali m'ndende, ndiye ntchito akugwira ndi aganyu. Mwanayo anayesa kuumitsa nkhope koma inakana.

"Agogo, apa mwalemba 'pamsewu waukulu.' Mvetserani. Waukulu akutsata ndani?"

"Akutsata msewu, mayi."

"Ndiye 'pa' akutani pamenepo?"

"Wakhala pamiyendo pa mnzake. Adzuke."

Kafunso anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi cholembera chofiira cha mayi ake. Anakoka mpando wake wakale uja, nayamba kuchonga. Anali mphunzitsi wankhanza. Sankakhululuka ngakhale kampata kamodzi, ndipo pansi pa pepala analemba kuti "Yesetsani." Atatha, poti anali atakhala kale pansi, anatulutsanso kope lake. A Mataipi anatola pensulo, kenako anaibweza. Anangomufunsa kuti m'nkhani yake galu uja anathera kuti, popeza anatchulidwa poyamba pokha. Kafunso anagwira pakamwa, nayamba kumufunira galuyo malo.

Umu ndi mmene zinakhalira masana alionse. Agogo ankataipa tsamba limodzi m'mawa, mdzukulu n'kudzachonga akaweruka, kenako onse awiri n'kuona ntchito ya kusukulu. Kansalu kanamasulidwa, chala chinaphunzira kudikira. Chimangirizo cha galu chinapachikidwa pakhoma, ndipo a Mataipi anapita kukachiona, koma ulendo uno anakana kukhala pansi.

Patapita miyezi ingapo, agogo aakazi anaona chinthu chachilendo. Amuna awo anataipa tsamba lonse bwinobwino, naliwerenga mokhutira. Kenako anayang'ana uku ndi uku, nalowetsa pepala lina, n'kuyambiranso. Atafika pa mawu akuti "kumsika" anataipa "ku," n'kugunda kabatani kakatali kaja mwadala, mokoma, ngati munthu wopatsa moni mnzake wakale.

Agogo aakazi anawafunsa ngati matenda aja abwerera.

"Khalani chete, mayi," ananong'ona a Mataipi. "Mphunzitsi akapanda kupeza cholakwa, amasiya kubwera."

Geti linalira. Kafunso analowa chikwama chikulendewera paphewa, ndipo asanavule nsapato anafunsa kuti cholembera chofiira chili kuti.