Pepala Lomwe Ndinakhoma pa Chitseko

Linali Lolemba loyamba la mwezi wa Juni, cha m'ma sikisi koloko m'mawa, pamene ndinatulutsa zitsulo zanga m'kachipinda komwe ndinkakonzeramo njinga pafupi ndi msika wa Mandimba. Mwini nyumba analandira abale ake othawa nkhondo kuchokera ku Lúrio, ndipo poti analibe powagoneka, anandipempha kuti ndisamuke. Sindinakane. Malo ena ndinali nditapeza kale, kuseri kwa chigayo, kupitirira pang'ono mzikiti.

Ntchito yanga ndinkaidziwa. Masiku amenewo chubu chatsopano sichinkaoneka, koma ine ndinkamata chakale mpaka kakhumi, tayala long'ambika ndinkalisoka, tcheni chimodzi ndinkachipanga kuchokera ku ziwiri zakutha. Alimi a ku Ngauma ankayenda tsiku lonse akukankha njinga kuti aibweretse kwa ine, makamaka m'miyezi imeneyo akagulitsa fodya. Chofunika chinali chimodzi: adziwe komwe ndapita.

Poti ndinaphunzira mpaka sekondale ku Cuamba, ndinachita zomwe ndinkaona kuti ndi zaulemu. Ndinatenga pepala loyera, pamwamba ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu mawu a Chipwitikizi otanthauza chidziwitso, m'munsi ndinafotokoza malo atsopano m'Chipwitikizi momwemo, n'kusaina. Ndinalikhoma pa chitseko ndi misomali inayi. Linali lowongoka bwino.

Sabata ziwiri zinatha. Obwera anali aphunzitsi awiri ndi kalaliki wina basi. A kumidzi palibe ndi mmodzi yemwe. Ndinamva kuti ena ayamba kuwoloka malire kukakonzetsa ku Malawi, ndipo ndinkadziwa kuti munthu akazolowera mmisiri wina sabwerera.

Lachinayi la sabata yachitatu ndinapita kumsika kukafuna mchere. Kumeneko ndinaona mlimi wina wa fodya wa ku Ngauma, bambo amene njinga yawo ndinkaidziwa ngati yanga. Atandiona anabwerera m'mbuyo, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Amisiri! Akutulutsani liti?"

"Kunditulutsa kuti, achimwene?"

"Musandinamize ine. Si anakutengani? Kwathu mpaka amayi akunyumba anakupemphererani kutchalitchi."

Ndinawauza kuti ndinangosamuka, ndipo ndinasiya pepala pa chitseko.

"Pepala lija munalemba ndinu?" Anaseka mpaka kugwira chishalo cha njinga. "Amisiri, sukulu inakuonongani. Chitseko chotseka, pepala la Chipwitikizi, pansi pake posainidwa. Munaonapo kuti zimenezo zikutanthauza zabwino?"

Ankanena zoona. Zaka zimenezo akuluakulu a boma akamugwira munthu ndi katundu wa kandonga, ndiye kuti wogulitsidwa mozemba, ankatseka sitolo yake n'kumatapo pepala lotero. Wodziwa kuwerenga akanatha kuima n'kuwerenga langa, koma palibe ankafuna kuoneka ataima pamenepo. Kufunsa za munthu wogwidwa kunali kudziulula kuti ndiwe mnzake.

"Nanga simunagogode?" ndinafunsa.

"Mlamu wanga anagogoda. M'nyumbamo munatuluka mayi wolankhula Chimakuwa chokhachokha, n'kupukusa mutu, n'kutseka. Mlamu sanayang'anenso m'mbuyo mpaka kumudzi."

Anthu a m'nyumbamo anali alendo, sankandidziwa, ndipo nawonso ankaopa mafunso.

Ndinayang'ana njinga yawo. Gudumu lakumbuyo linali ndi masipokosi atsopano omangidwa mokhota.

"Wakumangirani ndani izi?"

"Wa kutsidya. Musandiyang'ane choncho, inu munali kundende."

Ndinawatenga mpaka kuseri kwa chigayo, ndinawongola gudumulo iwo akuona, ndipo ndinawapempha kuti akanene kwawo kuti andiona ndi maso, ndagwira sipanala. Anati akanena, koma anthu akakhulupirira akadzandiona okha.

Madzulo omwewo ndinakazula pepala lija. Kenako ndinapita kwa shehe wa pa mzikiti, ndinawapempha kuti mawa lake akatha mapemphero awauze anthu kuti wokonza njinga ali moyandikana nawo. Ndinapitanso kwa akatekisi kuti akalengeze Lamulungu pa nthawi ya zolengeza, m'Chinyanja, ndipo anene mawu akuti "sanamangidwe". Akatekisi anaseka, koma anavomera.

M'mawa mwake ndinanyamula pampu, sipanala ziwiri ndi chitini cha guluu, n'kukakhala pakhonde la malo akale, poonekera kwa aliyense wolowa mumsika. Ndinatembenuza njinga yanga miyendo m'mwamba n'kumazunguza gudumu kuti ndioneke ndili pantchito. Dzuwa lisanatenthe anafika mayi wina wa ku Ngauma akukankha njinga ya amuna awo, tayala lili phwa. Anaima patali, kundiyang'ana. Ndinawapatsa moni, ndinalandira njingayo, koma sindinaimate pomwepo. Ndinaikankha ndekha, iwo akunditsatira, kudutsa pa mzikiti mpaka kuseri kwa chigayo, kuti njirayo aiyende ndi mapazi awo. Nditamaliza kumata ndinabwereranso pakhonde paja kukadikira wina.