Kiyi wa mjigo ndi apongozi anga

Chaka chimene anandipatsa kiyi wa mjigo ndinali ndisanazolowere bwino chikamwini m'mudzi wa mkazi wanga, kuseri kwa Katete. Ndinayenda monyada sabata yonse, kiyi ali m'khosi, poganiza kuti andilemekeza. Pambuyo pake ndinazindikira kuti anandisankha chifukwa ndinali wobwera. Eni mudzi onse anali pachibale, ndipo palibe amene ankafuna kumana mbale wake madzi. Paja amandiitana pakalowa njoka, pakalowa mbewa amakumba okha.

Mjigowo anatikumbira a bungwe lina. Potsazika ananena momveka kuti ukawonongeka tidzakonza tokha, koma mawu amenewo anamira m'nthungululu. Kwa ine mjigowo sunali nkhani yamasewera. Usanabwere, mkazi wanga ankatunga kudambo, pachitsime chomwe ng'ombe zinkamwanso, ndipo mwana wathu woyamba anatsala pang'ono kutisiya ndi matenda a m'mimba. Sindinkafuna kuti madzi akudambo adzalowenso m'nyumba mwanga.

Tinapangana kuti tikakolola, nyumba iliyonse izipereka chitini cha nsawa. Nsawazo tizigulitsa kuti tikhale ndi zogulira malabala a mjigo ndi kulipira mmisiri. Pamsonkhano aliyense anawomba m'manja. Itafika nthawi yopereka, manja omwewo anasowa. Wina anati madzi ndi a Mulungu, ine ndayamba liti kuwagulitsa? Bambo wina wolima thonje, amene nkhokwe yake inali yodzaza ndi nsawa mpaka kudenga, anandiuza mosabisa.

"Akamwini, chitini changa chimodzi chingakonze mjigo? Ndipereke, ndisapereke, anzanga apereka ndipo madzi azituluka ndithu."

Chinandipweteka n'chakuti sankanama. Mjigo sufunsa kuti wagwira chogwirira ndani. Umadzaza ndowa ya wopereka ndi ya wosapereka chimodzimodzi. Ndiye tinagula unyolo ndi loko. Ntchito yanga inali kutsegula m'mawa ndi madzulo, n'kukhala pamwala pafupi, kulola okhawo amene anapereka.

Tsopano mwa osaperekawo munali apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Simukhala pamodzi, simulankhulana maso ndi maso, ndipo mukakumana panjira, mkamwini amapatukira kutchire. Ndinatuma mkazi wanga kukawakumbutsa za nsawa. Anabwerako akuseka.

"Akuti anakupatsani mwana wamkazi wathunthu, lero mufunanso nsawa?"

M'mawa mwake nditangotsegula, ndinaona nsalu yawo yobiriwira ikutulukira kuseri kwa nthochi, ndowa ili m'manja. Mtima unati ima, ndiwe wa kiyi. Miyendo sinamve. Ndinangozindikira ndili m'tchire, chitedze chikundiyabwa m'khosi, ndikumva mjigo ukulira kwiii, kwiii, apongozi akupopa mosafulumira.

Sipanathe masiku, mudzi wonse unali utaphunzira. Amayi osapereka ankadikira pakhonde, ndowa zili pafupi. Apongozi akangonyamuka, onse ankandandalika pambuyo pawo ngati anapiye. Ine n'kuthawa, iwo n'kutunga. Ena anafika pokawadzutsa. "Amama, lero simutunga? Dzuwa lakwera." Apongozi akati msana ukuwawa, ankawanyamulira ndowa, bola atsogole. Ana aakazi a bambo wa thonje uja ankandipatsa moni ndili m'tchire momwemo. Ndikadandaula kunyumba, mkazi wanga ankangoti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Choopsa chinabwera pa kukolola kotsatira. Amene anapereka chaka choyamba anakana. Mayi wina wa kwaya, amene poyamba anabweretsa chitini chosefukira, anandifunsa kuti, "Ife ndife opusa, tizilipirira anzathu?" Tinatsala operekafe owerengeka, ndipo mjigo unali utayamba kutopa. Munthu unkapopa mpaka thukuta madzi asanatuluke. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, unangoti zii.

Mmisiri anabwera panjinga kuchokera ku Sinda. Anazula mapaipi, natiuza kuti malabala atha ndipo paipi imodzi yabowoka. Zimene tinasunga zinangokwana kumulipira ulendowo. Anabwerera, mapaipi atagona paudzu. Mudzi wonse unakwiya, ndipo nyumba iliyonse inakhala pansi kudikira kuti nyumba ina iyambe kupereka.

Mkazi wanga anali woyembekezera, choncho kudambo ndinkapita ndine, zigubu nditamanga panjinga. Ndipo popeza apongozi analibe wina wowatungira, chigubu chimodzi ndinkachisiya kuseri kwa nyumba yawo, n'kutsokomola kuti adziwe, n'kuthawa. Amene anapha mjigo ankamwa madzi ofikira pakhomo! Ndinkapalasa njinga ndikutukwana mumtima, kenaka n'kupempha Mulungu andikhululukire.

Madzi akumwa tinkawiritsa, koma mwana samvera malamulo. Wathu uja anamwa osawiritsa kwa anzake, ndipo anayamba kutsegula m'mimba. Maso ake analowa m'kati monga nthawi yoyamba ija. Ndinachita mantha kwambiri, ndinakwiyanso ndi mudzi wonse. Kuchipatala amene anagona naye ndi agogo ake, apongozi anga omwewo, chifukwa mkazi wanga anali atatopa. Mwana anachira. Apongozi anabwerako atasintha nkhope, ndipo anauza amfumu kuti aitanitse msonkhano.

Tinakumana pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinakhala kutali, kuseri kwa ngolo. Apongozi anaimirira atandifulatira, nakhuthula zitini ziwiri za nsawa pamphasa, cha chaka chino ndi cha chaka chatha. Kenaka analankhula ndi mtengo.

"Mtengo iwe, kawauze akamwini kuti kiyi abwere naye kuno. Iwo ndi munthu waulemu, ndipo ulemu wawo watiphera mjigo. Ine ndikudziwa aliyense amene ankanditsatira pambuyo, ndi nkhokwe yake ndikuidziwa."

Anthu anaseka, koma kuseka kwa manyazi. Apongozi anayamba kuwatchula mmodzimmodzi, kuyambira bambo wa thonje. Amene anabereka theka la mudzi n'kusambitsa theka linalo lili makanda, ndani akanawayankha? Analamula kuti nkhalamba zopanda owalimira ndi alendo odutsa azimwa ulere, ena onse apereke. Nsawa zinatuluka m'nkhokwe. Mmisiri anabweranso ndi malabala ndi paipi yochokera ku Katete, ndipo madzi anatuluka mvula isanagwe. Kiyi ndinapereka kudzera mwa mkazi wanga.

Kuyambira pamenepo apongozi anakhala pamwala wanga uja, m'mawa ndi madzulo, kiyi atamanga pa nsonga ya nsalu. Ana a mng'ono wawo weniweni anabwezedwa ndi ndowa zouma mpaka atapereka. Mwana wathu wachiwiri anakula osalawa madzi akudambo, ndipo pa chimenecho ndimawathokoza apongozi, ngakhale sindingawauze pamaso.

Koma pali munthu mmodzi amene kuyambira tsiku lija sanapondenso pamjigo. Ndi ine, amene sindinaphonyepo chitini. Ndikachokera kumunda kukhosi kuli gwa ndi ludzu, ndimaona nsalu yobiriwira ili pamwala, n'kupatukira kutchire. Bambo wa thonje amandidutsa atanyowa nkhope, n'kundifunsa ngati ndikufuna andibweretsereko.