Chipinda Chomwe Tinkalipira ku Cuamba

Chaka chimene bambo anapuma ntchito yauphunzitsi, mayi anatsala pang'ono kuwasiya ukwati. Ndikunena ukwati umene unapirira nkhondo, unakakhala kumsasa wa othawa kwawo ku Malawi, n'kubwerera ku Mandimba ndi bulangete limodzi ndi ana atatu. Zonsezo unapirira, koma unafuna kuthera pa ndalama ya penshoni, imene kwathu timati refoma.

Bambo ankati refomayo ikuchepa, ndipo sankadziwa chifukwa chake. Ankapita pamakina a banki ndi khadi lawo, n'kutenga chimene makinawo awapatsa, basi. Mauthenga a banki ankapita pa nambala ya foni imene anataya kalekale. Ali pantchito zinkabisika, chifukwa malipiro anali okwanirako. Koma refoma ndi bulangete lalifupi: ukafunda kumutu, mapazi ali panja. Mayi, amene amadziwa mtengo wa mchere kuposa wogulitsa mwini wake, anayamba kufunsa kumene ndalama zikupita.

Chinawonjezera moto ndi nandolo. Chaka chilichonse nthawi yokolola, woyendetsa chapa, minibasi zathu zija, ankatsitsa kathumba ka nandolo pakhomo, amvekere, "Akuti moni kwa aphunzitsi, kuchokera ku Cuamba." Tonse tinkadziwa kuti wotumiza anali mayi wina wamasiye amene ine ndinkachita lendi kwawo pamene ndinkaphunzira unamwino. Poyamba mayi ankathokoza. Koma ine nditamaliza sukulu, nandolo osasiya kubwera, ndalama n'kumachepa, anaphatikiza ziwirizo mumtima mwawo.

Tsiku lina anandiimbira ndili kuntchito ku Itepela. "Bwera udzatenge mbale zako," anatero. "Ine ndikubwerera kwathu ku Mitande. Bambo ako ali ndi khomo lina."

Ndinaseka, ndipo kuseka kwangako kunawapsetsa mtima kwambiri. Bambo anga? Munthu amene ngakhale kusankha malaya amafunsa kaye mkazi wake? Koma nditafika ndinapeza nsalu zawo atazimanga kale pamodzi. Bambo anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, akupukuta magalasi awo mosalekeza. Anali atachepa thupi. Kuseka kunandithera, ndipo ndinachita mantha.

M'mawa mwake ndinawakoka onse awiri kupita kubanki. Bambo anaonetsa chiphaso chawo, tinalipira kandalama kochepa, ndipo mtsikana wa pakauntala anatisindikizira esitirato, pepala losonyeza ndalama zonse zolowa ndi zotuluka mu akaunti, ya miyezi ingapo yapitayo. Tinakhala pabenchi. Ine ndinatenga cholembera n'kuyamba kuchonga chilichonse chimene chinkatuluka chokha mwezi ndi mwezi, chimene bambo sanatape ndi manja awo. Zinapezeka zitatu.

Choyamba chinali inshuwalansi ya maliro. "Imeneyo isiye," anatero mayi osayang'ana amuna awo. "Mwina igwira ntchito posachedwa."

Chachiwiri chinali cha kampani ya kanema, ndipo ndalama yake inali itakwerako pakati pa chaka. Bambo anadabwa kwambiri. "Koma dishi ija ndinampatsa msuweni wako wa ku Ngauma! Anachita kuinyamula panjinga ine ndikuona." Iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti malipiro amatsatira dishi, ngati mmene mwana wa mbuzi amatsatirira make. Msuweni wangayo anali akuonera mpira ndi mudzi wonse, ndipo ankayamika amalume ake kulikonse kuti ndi munthu wopatsa.

Chachitatu ndi chimene chinali ndi nkhani. Tsiku lomwelo mwezi uliwonse, ndalama yofanana ndendende, ndi kandalama ka banki pamwamba pake, zinkapita ku akaunti ya munthu wamkazi. Dzina lake palibe amene analizindikira, chifukwa linali la Chipwitikizi, la pachiphaso, ndipo kwathu munthu wamkulu timamuitana ndi dzina la mwana wake. Mayi anaika chala padzinalo n'kungoti, "Ndi ameneyu."

Ine ndinayang'ana ndalamayo kachiwiri, ndipo ndinaidziwa. Inali lendi yanga.

Mtsikana uja anatifotokozera modekha. Anati ziwiri zoyambazo ndi débito directo: bambo anasainira kampani chilolezo choti izidzitengera yokha, n'chifukwa chake ndalama yake imatha kusintha. Kuti ya kanema ithe, ayenera kuletsa chilolezocho kubanki, komanso kukathetsa pangano kukampaniko, apo ayi kampani idzawawerengera ngongole. Chachitatucho anati ndi ordem permanente: lamulo limene bambo eni ake anapereka kubanki kuti izitumiza ndalama yakutiyakuti tsiku lakutilakuti. Sanaikepo tsiku lothera, choncho banki inkangomvera.

Apo bambo anakumbukira. Mwezi wina ndili kusukulu, woyendetsa chapa anadya lendi imene anamupatsira, ndipo kuyambira pamenepo anakonza zoti banki izitumiza yokha.

"Koma ndinakatsanzika!" anatero mokweza, mpaka anthu pamzere anatembenuka. "Mwanayu atamaliza, ndinapita ndekha ndi nkhuku, ndinakhala pamphasa, ndinathokoza. Zinatha mwaulemu."

"Munatsanzika kwa mayiwo, bambo," anayankha mtsikanayo, akubisa kumwetulira. "Kubanki kuno simunatsanzike."

Anawonjezera kuti ndalama zimene zinapita kale banki singabweze, popeza inachita zimene inauzidwa. Tikazifuna, tikakambirane ndi amene analandira. Bambo anasaina zoletsa ya kanema ndi ya lendi nthawi yomweyo. Ine ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ndinaiwala kuti mayi anga ndi ndani.

"Mkazi alandire ndalama zaka zonsezi n'kukhala chete?" anatero tili panja. "Azingotumiza nandolo? Ine si mwana. Ndikufuna ndikamuone ndi maso angawa."

Kunena zoona, nanenso ndinali nditakwiya. Mayi a ku Cuamba aja ankandiphikira phala ndikadwala malungo, ndipo ndinkawatenga ngati kholo. Kuganiza kuti ankadya refoma ya bambo mwakachetechete kunandiwawa. Mu chapa yopita ku Cuamba ndinkakonza mawu oti ndikawalase nawo. Mayi anakhala pawindo, bambo pampando wa kumbuyo pakati pa matumba a chimanga.

Tinafika dzuwa likuswa mtengo. Tinapeza mwini nyumba uja akukazinga zitumbuwa pakhonde. Atationa anataya chipande, n'kundikumbatira ndi manja a mafuta, akulankhula Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chimakuwa. Kenako anayang'ana kumbuyo kwathu ngati akufuna munthu wina.

"Nanga mwanayo ali kuti? Mwamusiya kusiteshoni?"

"Mwana uti?" anafunsa mayi anga, mawu ali ouma.

"Mng'ono wake wa uyu. Aphunzitsi ananena tsiku lotsanzika lija kuti sitikusiyani, mng'ono wake akubwera m'mbuyomu."

Bambo anagwira pakamwa. Ananenadi, monga mmene munthu amanenera potsanzika kuti mnzake asaone ngati watayidwa. Koma mng'ono wangayo anali atakwatiwa kalekale, ndipo za sukulu sankafuna n'kumva komwe.

Mayi aja anamasula kiyi pa mfundo ya nsalu yawo n'kutitsogolera kuseri. Chipinda changa chinali mmene ndinachisiyira. Pansi panali posesa bwino, bedi loyala, neti yomangidwa m'mwamba, ndipo msomali umene ndinkakolekapo yunifolomu unali pomwepo. Denga linali ndi lata limodzi latsopano pamene pankadontha.

"Ana asukulu amabwera chaka chilichonse kudzapempha," anatero. "Ena amafuna kulipira yoposa. Ine ndimati ayi, chipinda ndi cha aphunzitsi a ku Mandimba, amalipira osaphonya ngakhale mwezi umodzi. Ndimati mwina mwanayo walephera mayeso, ndiye ndifunse bwanji? Ndingawachititse manyazi. Ndimangotumiza nandolo kuti adziwe kuti ndilipo."

Mawu onse amene ndinakonza mu chapa anasungunuka. Mwini nyumba anakhala chete poopa kuchititsa bambo manyazi, bambo anakhala chete chifukwa sankadziwa kanthu, ndipo banki inkangotumiza. Ulemu wokhawokha unatsala pang'ono kupasula banja.

Mayi anga analowa, n'kukhala pabedi paja, n'kulidinikiza ndi dzanja ngati akufuna kuligula. Anayang'ana denga, anayang'ana amuna awo ataima pakhomo chipewa chili m'manja. Kenako anayamba kuseka, mpaka misozi. Sindikudziwa pamene kusekako kunasandukira kulira.

"Inu bambo inu," anatero akupukuta m'maso. "Anzanu akakhala ndi khomo lina amakagonako. Inu kulipira kokha?"

Bambo anafotokozera mwini nyumbayo zonse, ndi kuti mwezi wamawa ndalama sibweranso. Mayiwo anadandaula kwambiri, nati abweza pang'onopang'ono. Mayi anga ndi amene anakana. Anati munthu anasunga chipinda, anakana alendi, anakonza denga, abweze chiyani? Anangopempha kuti usiku umenewo agone m'chipindamo, iwo ndi amuna awo, kuti ndalama zija zisapite pachabe. Ine ndinagona pamphasa kwa mwini nyumba. M'mawa tinapita kukathetsa pangano la kanema, ndipo msuweni wanga sanandilankhule mpaka Khirisimasi.

Kuchokera pamenepo, ndikabwera kumudzi mayi ankatituma kukatenga esitirato, ndipo ankandiuza kuti ndiwawerengere mzere uliwonse mokweza. Bambo ankakhala pambali ngati mwana wasukulu woyembekeza zotsatira za mayeso. Nsalu zija zinamasulidwa, ndipo za ku Mitande sizinatchulidwenso. Nandolo anapitiriza kubwera, ndipo mayi ankabweza ufa, n'kumuuza woyendetsa chapa kuti, "Ukapereke kwa mkazi mnzanga."

Patapita zaka zingapo bambo anadwala, ndipo anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Cuamba. Anagonekedwa nthawi yaitali. M'chipinda chija munali mtsikana wina wasukulu, koma mwini nyumba anamusamutsira kuchipinda chawo chogona, n'kupereka kiyi kwa mayi. Ankawaphikira phala loti apite nalo kuchipatala, ndipo ndi iwo amene anawagwira mkono tsiku limene bambo anatisiya.

Tikunyamuka ndi maliro, mayi anamasula mfundo ya nsalu yawo kuti alipire masiku onse amene anakhala. Mwini nyumba anawapinda zala, n'kuwabwezera dzanjalo pachifuwa.

"Sungani, mkazi mnzanga," anatero. "Amuna anu analipira kale."