Ndime yachisanu ya nyimbo 41

Achimwene anga a Yoramu anali munthu wa mzere. Akapeza chithunzi chapendekera pakhoma panu ankachiwongola asanakupatseni moni. Anachoka kwathu ku Ntcheu mu 1951, ine ndinawatsatira patapita zaka zisanu, ndipo tinkakhala nyumba imodzi kunja kwa dziko lathu, ku komboni ya Highfield, kuseri kwa masitolo a Machipisa. Zaka makumi awiri ndi zinayi anadula mapepala pa kampani ina yosindikiza ku Southerton, koma mzungu sanawalole kugwira ngakhale chilembo chimodzi cha pamakina. Ankangoona mabuku a anthu ena akutuluka. Zimenezi zinkawadya, ngakhale sankanena.

Ndiye mu 1976 akuluakulu a mpingo wathu wa anthu ochokera ku Nyasalande atati nyimbo za m'makope zisonkhanitsidwe m'buku limodzi, achimwene anaimirira mawuwo asanathe. Nyimbozo sizinali za m'buku lalikulu la mpingo ayi. Zinali zathu zomwe anthu anabwera nazo kumudzi, zina anapekera m'migodi ndi m'mafamu, aliyense n'kukopera m'kope lake. Tikamaimba kunali chisokonezo. Uyu ali pa ndime yachitatu, uyo wabwerera ku kolasi, amayi a kumbuyo atha kale.

Makope anabwera khumi ndi limodzi, ena onunkha utsi, ena odyedwa ndi mphemvu. Ine Dolly, popeza ndinkatayipa pa ofesi ina m'tauni, ndinapatsidwa ntchito yotayipa pa masitensulo, mapepala osindikizira bukulo. Achimwene anaika malamulo awo. Nyimbo iliyonse ikhale ndi nambala imodzi. Ndime ziwerengedwe. Kolasi ilembedwe kamodzi kokha pansi pa ndime yoyamba, molowa m'kati pang'ono. Mzere uthere pamene woimba amapumira, osati pamene pepala linathera. Zolemba za m'mbali, monga masiku a maliro ndi mayina a midzi, zonse zichoke. Ndipo lamulo lawo lalikulu linali lakuti ndime ilowe m'buku pokhapokha yapezeka m'makope awiri. Ankati nkhani imatsimikizika ndi mboni ziwiri. Loweruka lililonse masana ankayala makopewo patebulo, chala chikugogoda thabwa, kuwerenga maphatikizo a mzere uliwonse kuti aone ngati ukukwana m'maimbidwe ake.

Kope limodzi linali la Mayi Effie, wamasiye wogulitsa tomato ku Musika, msika waukulu wa m'tauni. Iwo sankadziwa kuwerenga. Kopelo anasiya ndi amuna awo, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Fackson, ndiye ankawaimbira. Fackson anasowa mu 1975, chaka chimene anyamata ambiri anawolokera ku Mozambique kukalowa nkhondo yomenyera ufulu wa dziko limene tinkakhalalo. Aliyense ankadziwa, palibe ankatchula.

Pobweretsa kopelo, Mayi Effie analikulunga mu duku.

"Bambo Yoramu, muli dzanja la mwana wanga m'menemu," anatero. "Anawonjezera mawu ake pa nyimbo ija ya Mbusa, dzuwa lapendeka. Anandiimbira kamodzi, m'mawa mwake sindinamuonenso. Musawataye."

"Musadandaule mayi, zonse zoyenera zilowa," anayankha achimwene.

Mawu akuti zoyenerawo ine ndinawamva, mayiwo sanawamve.

Nyimboyo inapatsidwa nambala 41. M'makope asanu ndi awiri inali ndi ndime zinayi. M'kope la Mayi Effie lokha munali yachisanu, yolembedwa ndi bolopeni yofiira, mothamanga. Achimwene anagogoda tebulo. Mzere woyamba unakwana, maphatikizo asanu ndi atatu. Wachiwiri unkafunika asanu ndi awiri, koma unali ndi khumi.

"Mboni imodzi, komanso sukuimbika," anatero, n'kudula ndi pensulo pa pepala limene ankandikonzera.

"Achimwene, ndi mizere inayi yokha. Malo alipo pa sitensulo."

"Ndikalola uyu, mawa aliyense abwera ndi ndime ya amalume ake. Ili ndi buku, Dolly, si kope."

Ndinakwiya, koma ndinatayipa ndime zinayi. Kukwiya kwanga kunathera pomwepo, ndipo mpaka lero ndimadzida nako. Ndinadzitonthoza kuti kopelo libwerera kwa mwini wake. Sindinaiwerenge n'komwe ndimeyo mpaka pansi.

Bukulo linatuluka mu Disembala, nyimbo 112, ndandanda wa mizere yoyamba kumapeto, chikuto cha buluu chimene achimwene anadula okha. Linali laudongo, zimenezo sindingakane. Lamulungu loyamba tonse tinayamba pamodzi n'kuthera pamodzi, ndipo ndinaona achimwene akupukuta m'maso.

Makope akale anali adakali kwathu pamene apolisi anayamba kusecha m'nyumba za mu mzere wathu. Ankafuna nyimbo za nkhondo, zomwe anyamata ankaika pa maimbidwe a nyimbo za kutchalitchi. Chilichonse cholembedwa pamanja kwa iwo chinali umboni. Bambo Marcos, mkulu wa mpingo, anawapeza ndi kope la maulaliki chabe, koma anabwerako patapita masiku asanu ndi anayi khutu limodzi losamva. Akuluakulu anagwirizana kuti makope onse awotchedwe, poti zonse zili kale m'buku. Anafunsa achimwene ngati zinalidi choncho. Achimwene anavomera, chifukwa kunena kuti ayi kukanakhala kunena kuti buku lawo n'loperewera. Anawatenthera mu mgolo kuseri kwa nyumba ine ndili kuntchito.

Mayi Effie atamva anabwera kwathu. Kenako anatulutsa buku lawo latsopano.

"Ndionetseni pamene pali mwana wanga."

Achimwene anatsegula pa 41. Mayiwo anasisita tsambalo, anaikapo ulusi wofiira, n'kupita. Chaka chonse ankanyamula bukulo mu dengu la tomato. Ine ndikawaona ku Musika ndinkadzera njira ina.

Uthenga unabwera mu Febuluwale 1978 ndi kondakitala wa basi ya ku Mtoko. Fackson anaphedwa kumeneko, ndipo mtembo sunaperekedwe. Maliro a munthu wotero sankalirika poyera. Tinangosonkhana anthu ngati makumi awiri m'nyumba mwa Mayi Effie Loweruka masana, makatani otseka, ngati mapemphero wamba a m'dera.

"Mundiimbire ya mwana wanga," anatero mayiwo. "Pali ulusipo."

Tinaimba motsitsa. Ndime yoyamba, kolasi, mpaka yachinayi, ndipo tonse tinathera pamodzi, mabuku n'kutsekedwa. Mawu a Mayi Effie okha ndiwo anapitirira.

"Ndikachedwa musatseke..."

Anaima. Anabwerezanso mzerewo, kudikira kuti tiwalandire. Anthu anayang'ana m'mabuku, kenako pansi.

"Bwanji mwasiya? Ine ndikukumbukira poyambira pokha. Werengani, Bambo Yoramu, inu ndi amene munalemba."

Achimwene anaimirira buku lili m'manja. Chala chawo chinkagogoda chikuto.

"Mulibe, mayi. Sindinaikemo."

"Koma munaiona?"

"Ndinaiona."

"Ndiye ndiuzeni pakamwa. Anati musatseke, kenako anati chiyani?"

Achimwene anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi zinayi kuchokera tsiku limenelo. Sanagwirenso buku lija, ndipo kutchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo, osaimba. Nthawi zambiri ndinkawapeza patebulo chala chikugogoda, akuyesa mawu awa ndi awa, koma sanawapeze. Tsiku lija m'nyumba mwa Mayi Effie anayankha chokhacho chimene anali nacho.

"Mawuwo sindikuwakumbuka, mayi. Ndinangowerenga maphatikizo ake. Anali khumi."

Mayi Effie anachotsa ulusi wawo m'bukumo, n'kuwapatsa achimwene bukulo.