Nkhani Inali M'ndime Yomaliza

Kwa zaka 31, Mayi Marlys Hrycak ankapeta mawu ku nyuzipepala ya m'tauni yathu, kuno ku Saskatchewan, m'dziko la Canada. Makampani ankatumiza zikalata zodzitama kuti zituluke ngati nkhani, iwo n'kuuluza mankhusu onse. "Chogonera chabwino kuposa zonse m'Canada" chinkasanduka "matiresi". Kalata ya ameya ya masamba atatu inatuluka mzere umodzi: "Khonsolo yagula fosholo ziwiri."

Malamulo awo anali atatu: chachitika chiyambe, chitamando chikhale ndi mwini wake wotchulidwa dzina, wokhudzidwa afunsidwe mbali yake. Kunyumba amuna awo akati supu wakoma, ankafunsidwa kuti, "Malinga ndi ndani?"

Lachiwiri lina kunabwera chikalata chochokera kwa eni ake a nyuzipepala yomweyo. Mutu wake: "Nyengo yatsopano yosangalatsa!" Ndime yachitatu inati Mayi Hrycak ndi "mzati wosagwedezeka, nyali ya utolankhani". Anawerenga kawiri, poti chiyambireni ntchito palibe anawatamapo. Ndime yomaliza inati pofuna kutumikira bwino owerenga, ntchito ya mkonzi ithetsedwa Lachisanu. Mkonzi analipo mmodzi.

Ndime yomalizayo anaikweza pamwamba. Kenako anaimbira a Dwayne Thiessen, mkulu wa kampani ya nyuzipepalayo, kuti mwina nyali ija ipulumuke.

"Dwayne, mawu akuti 'nyali' aja munanenadi ndinu?"

"Aa, Marlys, analemba ndi a ofesi yofalitsa nkhani za kampani. Ingoikani dzina langa."

"Sindiika mawu m'kamwa mwa munthu. Nenani nokha pano, ndilembe."

"Kuti ndinu nyali? Pa foni?"

"Kapena mzati, bwana. Sankhani."

A Thiessen anatsokomola, n'kumveka akusuntha mpando. "Simuchedwa kuntchito," anatero.

Mayi Hrycak anafufuza. Anapeza kuti m'chaka cha 2009 anachedwa kawiri chifukwa cha chipale chofewa. Mawuwo anawaika m'nkhani poti mwini wake anawanenadi, koma pansi pake anawonjezera za masiku awiriwo. Nyali ndi mzati anazifufuta, chala chitaima kanthawi pa batani.

Linatsala lamulo lachitatu. Anatenga foni ya pa desiki n'kuimba nambala ya foni yawo ya m'manja. Inalira m'chikwama, pambali pa sangweji ya mazira. Anaiyang'ana mpaka inasiya yokha.

Lachinayi nkhani inatuluka pa tsamba loyamba, ndime zinayi: "Kampani yomwe ndi mwini wa nyuzipepala ino ichotsa ntchito mkonzi wake, Marlys Hrycak, wa zaka 58, mawa Lachisanu." Mzere womaliza unati: "Hrycak sanayankhe foni titafuna kumva mbali yake."

Sabata yotsatira chikalata chija chinatuluka chonse, chosakonza, poti panalibe wochikonza. Amuna awo anachidula n'kuchimata pa firiji.

"Taona, Marlys, akuti ndiwe nyali."

"Malinga ndi ndani?" anafunsa. Koma pepalalo sanalichotse.